Mphindi khumi zimene pulinta siyenera kuzima

Pulinta imene yakhala ikugwira ntchito bwinobwino, tsiku lina imangotulutsa uthenga pa sikirini yake kapena pa kompyuta, wonena kuti kwabwera femuweya yatsopano, ndipo ikufunsa ngati mukufuna kuiika. Ena amangodina kuvomera osawerenga, pofuna kuti uthengawo uchoke asindikize kalata yawo. Ena amaukana zaka ndi zaka chifukwa anamva kuti mnzawo anavomera, makina n'kufa. Onsewa akuchita zinthu mwamwayi. Kuika femuweya ndi ntchito yofunika kuisankhira tsiku ndi ola, makamaka kwathu kuno kumene magetsi amatha kuthima munthu asanamalize kuwiritsa madzi a tiyi.

Mkati mwa pulinta muli kakompyuta kakang'ono, ndipo femuweya ndiyo pulogalamu imene imayendetsa kakompyutako. Ndiyo imauza mota nthawi yokoka pepala, imayeza kutentha, imawerenga katchipu ka pa katiriji, imalankhula ndi netiweki, ndi kulemba mawu amene mumaona pa sikirini. Anthu ambiri amaisokoneza ndi dalaivala. Dalaivala imakhala mu kompyuta yanu, ndipo ikawonongeka mumangoichotsa n'kuika ina, pulinta osakhudzidwa. Femuweya imakhala mu tchipu yomatidwa pa bodi ya pulinta yeniyeniyo. Ikawonongeka, pulinta imatha kulephera ngakhale kudzuka, moti njira yolandirira pulogalamu ina yabwino imatsekekanso.

Pamene imathandizadi

Chifukwa chachikulu choikira femuweya yatsopano ndi chitetezo, ndipo izi zimakhudza kwambiri mapulinta olumikizidwa ku netiweki. Mu Ogasiti 2018, akatswiri a kampani ya Check Point anaonetsa kuti munthu angathe kulanda pulinta ya HP OfficeJet pongoitumizira fakisi yokonzedwa mwachinyengo, ndipo kuchokera pa pulintayo n'kulowa m'makompyuta ena a mu ofesimo. Chimene wakubayo ankafuna ndi nambala ya fakisi basi. Mu 2021 akatswiri a F-Secure anapezanso mipata ina yokhudza mitundu yoposa 150 ya makina a HP. Konseku mankhwala ake anali femuweya yatsopano, ndipo amene sanaiike anatsala ndi mpatawo. Ofesi imene imasindikiza malipiro a antchito, makalata a odwala kapena mayeso a ana asukulu pa makina a pa netiweki isamaone nkhaniyi mopepuka, chifukwa zonsezo zimadutsa mu kakompyuta ka mu pulintamo.

Chifukwa chachiwiri ndi vuto limene mukuliona ndi maso. Pulinta imagwa pa waifai ikangogona, imazima n'kudzuka yokha ikalandira fayilo ina ya PDF, kapena mwasintha foni kapena kompyuta ndipo zakana kumvana. Mavuto amtunduwu nthawi zambiri amakhala a pulogalamu, ndipo opanga makina amawakonza mu femuweya. Njira yodziwira ndi kuwerenga mawu amene amalembedwa pambali pa fayiloyo pa webusayiti ya kampani, ofotokoza zimene zakonzedwa. Ngati vuto lanu latchulidwa, apudetiyo ndi yanu.

Koma femuweya sikonza mpira wokoka mapepala umene waperepeseka, sichotsa mizere yobwera ndi dilamu yotha, ndipo situlutsa inki youma m'timabowo. Ndimamva chisoni ndikamva kuti munthu walipira mmisiri kuti "aike pulogalamu" pa makina amene vuto lake linali kampira kotsika mtengo. Ngakhale pa chitetezo pomwepo, apudeti ili ndi malire. Mu Juni 2025 kampani ya Rapid7 inaulula kuti pa mitundu 689 ya makina a Brother, pasiwedi imene imabwera ndi makinawo ingathe kudziwika pongoona nambala ya makina. Vuto limeneli silingathe ndi femuweya yokha pa makina amene anagulitsidwa kale. Mwini wake ayenera kusintha yekha pasiwediyo.

Pamene imakulandani zimene munali nazo

Pali mbali ina imene eni masiteshonale ndi malo a fotokope ayenera kuidziwa bwino, chifukwa phindu lawo lagona pa tona ndi inki zotchipa. Pa 13 Sepitembala 2016, mapulinta ambiri a HP OfficeJet m'mayiko osiyanasiyana anayamba kukana makatiriji amene sanapangidwe ndi HP, omwe dzulo lake ankagwira ntchito. Lamulo lokaniralo linali litalowa kale mu femuweya. Anthu atadandaula kwambiri, kampaniyo inapepesa chifukwa chosafotokoza bwino, n'kutulutsa femuweya ina yochotsa chiletsocho pa makinawo, koma njirayo sinaisiye. Imaitcha Dynamic Security, ndipo ikadalipo pa makina ambiri atsopano. Mu 2020 bungwe loona za mpikisano wa malonda ku Italy linalipiritsa HP chindapusa cha mayuro 10 miliyoni chifukwa chosauza ogula momveka za chiletsochi.

Chimene chimachitika n'chakuti katiriji iliyonse ili ndi katchipu, ndipo femuweya yatsopano imabwera itaphunzitsidwa kuzindikira matchipu otengera. Mukangoiika, sikirini imalemba mawu monga Non-HP Chip Detected kapena Supply Problem, makina n'kukana kusindikiza ngakhale tona ili yodzaza. Kubwerera ku femuweya yakale n'kovuta, chifukwa makampani nthawi zambiri amangosiya fayilo yatsopano yokha pa webusayiti, ndipo makina ambiri atsopano salola n'komwe kubwerera. Ngati mwagula makatiriji asanu otengera n'kuwasunga m'kabati, funsani kaye wokugulitsani ngati matchipu ake amagwira pa femuweya yatsopanoyo. Amene ali ndi makina a inki yothira m'mabotolo, monga Epson EcoTank kapena Canon PIXMA G, nkhawa imeneyi siwakhudza kwenikweni, popeza inki yothira ilibe tchipu.

Komanso opanga makina amalakwitsa. Mu Meyi 2023, femuweya imene inadzilowetsa yokha pa mapulinta a HP OfficeJet Pro 9020 inasiya makina ambiri ali ndi sikirini yabuluu yolembedwa 83C0000B, osagwiranso ntchito. Eni ake sanalakwe chilichonse. Ichi ndicho chifukwa chake ine ndimati, ngati apudeti si yotseka mpata woopsa wa chitetezo, idikireni masabata awiri kapena atatu kuchokera tsiku limene yatuluka, kenako mufufuze pa intaneti dzina la makina anu pamodzi ndi nambala ya femuweyayo, muone ngati ena akulira. Ndipo pulinta imene ili pa chingwe cha USB chokha, yosalumikizidwa ku netiweki iliyonse, yosindikiza bwino, mungathe kungoisiya momwe ilili. Phindu loigwiragwira ndi lochepa kuposa chiopsezo.

Chifukwa chake kuthima kwa magetsi kumapha makina

Ntchitoyi ili ndi magawo awiri, ndipo kuopsa kwake n'kosiyana kutalitali. Gawo loyamba ndi kulandira fayilo, kaya kuchokera pa intaneti kapena pa kompyuta. Mapulinta ambiri amakono amayamba alandira fayiloyo, n'kuipima ngati ili yathunthu, ngati ili ya mtundu wa makinawo, komanso ngati ili ndi chidindo cha kampani. Bandulo ikatha kapena netiweki ikagwa pa gawo limeneli, kawirikawiri palibe chimene chimaonongeka. Fayilo yoperewerayo imatayidwa ndipo mumangoyambiranso.

Gawo lachiwiri ndi kulemba, ndipo apa ndiye pali msampha. Tchipu yosungira femuweya silola kulemba pamwamba pa zolembedwa kale. Imayenera kufufutidwa kaye chigawo ndi chigawo, kenako n'kulembedwa. Zili ngati kusasula udzu wakale padenga kuti mufolere watsopano: pali nthawi imene wakale wachoka pomwe watsopano sunakwanire, ndipo mvula ikagwa nthawi imeneyo zonse za m'nyumba zimanyowa. Magetsi akathima pakati pa kulembaku, mu tchipu mumatsala theka la pulogalamu yakale ndi theka la yatsopano, ndipo kakompyuta kaja kakadzuka sikapeza malangizo omveka oti katsatire.

Chimene chimapulumutsa makina ambiri ndi kapulogalamu kena kakang'ono kamene kamayamba kudzuka pulinta ikayatsidwa, ntchito yake n'kudzutsa femuweya yaikulu ija. Ngati kapulogalamu aka katsala bwino, kamazindikira kuti yaikuluyo yaonongeka n'kudikira kuti muitumizenso. Koma apudeti zina zimalembanso kapulogalamu komweka, ndipo magetsi akathima pa masekondi amenewo palibenso chotsala choti chilandire fayilo. Makina ena aakulu a m'maofesi amasunga pulogalamu yakale mpaka yatsopano itakhazikika. Pa kapulinta kotchipa musayembekezere chitetezo chotero.

Kuika pa HP LaserJet Pro M402dn

Tiyeni titenge makina amene amapezeka m'maofesi ambiri, HP LaserJet Pro M402dn, ndipo tiyerekeze kuti ndi a pa sukulu ina, amakhala pa netiweki, ndipo akhala akuzima okha akalandira mafayilo ena. Mayina a mabatani amasiyana pa makina ena, koma kayendedwe kake n'komweka.

Choyamba si kudina chilichonse cha apudeti, koma kusindikiza pepala loonetsa mmene makina alili. Pa kasikirini ka pulinta lowani mu Setup, kenako Reports, musankhe Configuration Report. Papepalapo pali mzere wa Firmware Datecode, nambala ya manambala 8 yoyamba ndi chaka, kenako mwezi ndi tsiku. Pepalali lisungeni. Likuuzani femuweya imene muli nayo, ndipo lili ndi adiresi ya makinawo pa netiweki, imene mudzaifuna ngati zina zitasokonekera.

Kenako onani dzina lonse la makina pa kapepala komatidwa kumbuyo kwake, osati limene mumangolitchula pakamwa. M402dn ndi M404dn amafanana maonekedwe koma femuweya yawo ndi yosiyana. Pitani pa support.hp.com, lembani dzinalo, mupeze gawo la Firmware, ndipo muyerekeze deti la fayilo imene ilipo ndi limene lili pa pepala lanu. Werengani zimene akuti zakonzedwa, muonenso ngati pali mawu okhudza makatiriji. Fayilo ya femuweya musaitenge pa webusayiti ina iliyonse, kapena pa fulashi ya munthu amene sakudziwa kumene anaitenga.

Makinawa ali ndi njira ziwiri. Mungathe kuwauza kuti adzitengere okha pa intaneti, kudzera mu Setup, Service, LaserJet Update. Kapena mungathe kukopera pa kompyuta pulogalamu yotchedwa Firmware Update Utility, n'kutumiza nokha. Ine ndimakonda yachiwiriyi pa chifukwa chimodzi chachikulu: fayilo imatsala m'manja mwanu. Zinthu zikavuta pakati, pulinta yovulala singathe kupita pa intaneti kukadzitengera, koma inu mungathe kuitumiziranso fayilo yomweyo. Gwiritsani ntchito laputopu yodzaza batire, muiletse kugona yokha, muilumikize ndi chingwe cha USB molunjika popanda kudutsira pa kabokosi kogawa mabowo, ndipo musindikize tsamba limodzi loyesera kuti mutsimikize kuti zikumvana. Zulani kaye chingwe cha netiweki kuti mphunzitsi wina asatumize mayeso ake ntchito ili mkati. Chotsani zonse zimene zili pamzere wodikira kusindikizidwa, ndipo onetsetsani kuti palibe pepala lotsamwa kapena chitseko chotseguka. Sikirini ikhale yolembedwa Ready.

Tsopano magetsi, amene ndi nkhani yofunika kuiganizira kuposa zonse zapamwambazi. Onani ndandanda ya kuthima kwa magetsi imene ESCOM imalengeza, musankhe nthawi imene dera lanu lili ndi maola angapo patsogolo. Musayambe magetsi atangobwera kumene, chifukwa nthawi imeneyo amakonda kugwedera kapena kuthimanso. Musayambe kunja kukuchita mabingu. Onani mita ngati mayunitsi alipo okwanira. Pulagi ya pulinta ilowe m'soketi ya pakhoma yogwira bwino, osati m'kachingwe kowonjezera kolobodoka kamene munthu akangokagunda ndi phazi magetsi amaduka. Ngati muli pa jenereta, onani mafuta, ndipo gwirizanani ndi woisamala kuti asasinthire ku magetsi a ESCOM ngakhale atabwera, kufikira mutamuuza. Kusinthako kumadula magetsi kwa kanthawi kochepa, koma n'kokwanira kuzimitsa pulinta.

Ambiri amaganiza kuti kabokosi ka batire kosungira magetsi, kamene timakatcha yupiyesi, kathetsa nkhawa yonse. Pa pulinta ya inki n'zoona, chifukwa imadya magetsi ochepa, mawati makumi awiri kapena atatu mwinanso osafika, ndipo ngakhale kayupiyesi kakang'ono kangaisunge nthawi yokwanira. Pa pulinta ya tona ndi nkhani ina. Mkati mwake muli chotenthetsera chimene chimasungunula tona kuti imatirire papepala. M402dn ikamasindikiza imadya pafupifupi mawati 600, ndipo pa masekondi oyamba otenthetsa imakoka kwambiri. Yupiyesi wamba ya 650 VA, imene timaika pa kompyuta, imapereka mawati osafika 400. Ndiye taonani chimene chingachitike: pulinta imadzizimitsa n'kudzukanso pakati pa apudeti monga mwa dongosolo lake, chotenthetsera chimayaka, yupiyesi imalemedwa n'kudula magetsi, ndipo chida chimene munaika kuti chiteteze makina ndicho chawapha. Opanga mayupiyesi enieniwo amaletsa kulumikiza mapulinta a tona ku mabowo a batire. Ngati muli ndi inveta yaikulu ya sola, werengani maampu olembedwa kumbuyo kwa pulinta muwachulukitse ndi 230. Pakalembedwa 4 A ndiye kuti ndi 920 VA, ndipo invetayo ikhale ndi mphamvu yoposa pamenepo ndithu, ketulo ndi firiji zitazimitsidwa. Ngati mulibe, soketi ya pakhoma pa ola losankhidwa bwino ndi yabwino kuposa kayupiyesi kakang'ono.

Zonse zikakhala m'malo, tsegulani pulogalamu ija, sankhani dzina la pulinta pa mndandanda, mudine Send Firmware. Kamzere ka pa kompyuta kadzayenda mpaka kudzaza, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amapusitsika. Kudzaza kwa kamzereko kukungotanthauza kuti fayilo yatumizidwa. Gawo loopsa lija mwina likungoyamba kumene. Sikirini ya pulinta idzasintha mawu, nyale zidzaphethira, makina adzakhala chete ngati afa, kenako adzazima n'kudzuka okha, mwina koposa kamodzi. Pa makina aang'ono ngati awa ntchito yonse imatenga mphindi zisanu mpaka khumi, pomwe makina aakulu a fotokope amatha kufika theka la ola. Musazule chingwe, musatsegule chitseko, musadine batani lozimitsira. Matani kapepala pamwamba polembedwa kuti "Osazimitsa, osagwira", ndipo khalani pomwepo, chifukwa mlonda kapena wosesa wakhama angathe kuzimitsa soketi pofuna kusunga mayunitsi.

Sikirini ikabwerera pa Ready n'kukhazikika kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, sindikizaninso Configuration Report muone ngati Firmware Datecode yasintha. Bwezerani chingwe cha netiweki, onani ngati adiresi ikufanana ndi ya pa pepala loyamba, ndipo yesani fayilo ija imene inkazimitsa makina. Ngati ofesi ili ndi makina atatu ofanana, ikani pa amodzi okha, agwire ntchito sabata yathunthu, kenako mupite kwa enawo. Sabata yosindikiza mayeso kapena tsiku lokonza malipiro si nthawi yochitira zimenezi.

Magetsi akathima ntchito ili mkati

Zikachitika, zulani pulagi kukhoma kuti magetsi akamabwera mogwedera asapeze makina ali olumikizidwa. Akabwera n'kukhazikika, yatsani pulinta zingwe za USB ndi netiweki zili zozula, muone chimene ichite. Ikafika pa Ready, ndipo pepala likuonetsa deti lakale, ndiye kuti magetsi anathima kulemba kusanayambe. Palibe chaonongeka, yambiraninso tsiku lina labwino.

Ikalemba mawu monga Ready 2 Download, kapena Resend Upgrade pa makina ena akale a HP, kapena Recovery Mode pa Epson, musataye mtima. Amenewo ndi mawu a kapulogalamu kakang'ono kaja, kokuuzani kuti kali moyo ndipo kakudikira fayilo. Lumikizani chingwe cha USB, chifukwa pa nthawi imeneyi waifai ndi netiweki nthawi zambiri sizigwira, mutumizenso fayilo yomwe ija kuchokera pa kompyuta imene inali kale ndi dalaivala ya makinawo. Ngati kompyuta siikuiona pulinta, yesani bowo lina la USB kapena chingwe china chachifupi musanaganize zoipa.

Ikangoima pa chizindikiro cha kampani osapitirira, kapena nyale zikayaka sikirini ili yakuda, ipatseni kaye mphindi 20, kenako muizimitse, mudikire mphindi imodzi, muyatsenso. Ikachita chimodzimodzi kawiri kapena katatu, ndipo kompyuta siikuona chilichonse pa USB, kuyatsa ndi kuzimitsa kwina sikuthandizanso. Chotsala ndi kusintha bodi yaikulu imene amisiri amaitcha fomata, kapena kupeza mmisiri wodziwa kuchotsa tchipu n'kuilemba ndi chida chapadera. Ngati makina akadali pa waranti, pitani ndi lisiti kumene munagula musanalole aliyense kuwatsegula. Koma makina ambiri amene timagwiritsa ntchito anabwera atagwirapo kale ntchito kunja, alibe waranti, ndipo pa kapulinta kakang'ono mtengo wa bodi pamodzi ndi mmisiri umatha kuyandikira wa makina ena.

Pali chinthu chimodzi choyenera kuchita lero, ngakhale musanaganize zoika chilichonse. Mapulinta ambiri olumikizidwa ku intaneti amatha kudziikira okha femuweya, ndipo sadziwa ndandanda ya magetsi a dera lanu kapena mtundu wa tona imene mwaikamo. Pa M402dn lowani mu LaserJet Update, kenako Manage Updates, muyatse Prompt Before Install kuti makina azikufunsani kaye, kapena muzimitse Check Automatically n'kumadziyang'anira nokha pa webusayiti miyezi itatu iliyonse ngati makinawo ali pa netiweki. Pa makina ena zosankhazi mumazipeza polemba adiresi ya pulinta mu bulawuza ya pa kompyuta. Chenjerani ndi mapulinta amene analembetsedwa ku dongosolo la HP+: amenewo amafuna kukhala pa intaneti, amalandira makatiriji a HP okha, ndipo amadziikira femuweya popanda mwini wake kuletsa. Pogula makina, makamaka ogwiritsidwapo kale ntchito, funsani zimenezi ndalama zisanachoke m'thumba.